Akuluakulu awiri akasiyana maganizo pa choyamba kuchita

M'chaka cha 1985, kampani ya Apple ya ku America inagwedezeka ndi mkangano wa akuluakulu ake awiri. A Steve Jobs, mmodzi mwa omwe anayambitsa kampaniyo, ankatsogolera nthambi yopanga kompyuta yatsopano ya Macintosh, imene inatuluka mu Januwale 1984 koma malonda ake anayamba kutsika chakumapeto kwa chakacho. A John Sculley, omwe anachokera ku kampani ya Pepsi mu 1983, ndiwo anali mkulu woyendetsa kampani yonse. Malinga ndi zomwe a Sculley anafotokoza pambuyo pake, a Jobs ankafuna kutsitsa mtengo wa Macintosh ndi kusamutsirako ndalama zotsatsira malonda kuchokera ku kompyuta yakale ya Apple II. A Sculley anakana, poti Apple II ndiyo inkabweretsa ndalama zambiri.

Aliyense anali ndi mfundo yomveka. Chomwe chinakulitsa nkhaniyi n'chakuti sizinkadziwika bwino kuti mawu omaliza ndi a ndani. Monga mkulu wa nthambi, a Jobs anali pansi pa a Sculley, koma monga wapampando wa bodi anali pamwamba pawo. Pamene bodi inkalowererapo, funso linali litasintha: silinalinso la mtengo wa kompyuta koma la munthu woti atsale pa udindo. Bodi inakhala mbali ya a Sculley, a Jobs anachotsedwa pa utsogoleri wa nthambiyo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho anachoka pa kampaniyo.

Ambiri akamva nkhani yotere amati atambala awiri salira m'khola limodzi. Koma kawirikawiri awiriwo samenyanirana ufumu. Ndalama, antchito kapena nthawi zimakhala zosakwanira kuchita zinthu ziwiri pakamodzi, ndipo amene ali pamwamba pawo sananene chomwe chiyenera kuyamba. Mkangano wawo ndi chigamulo chomwe mtsogoleri wazengereza kupereka.

Tiyerekeze kampani yaing'ono yoyenga mafuta ophikira kuchokera ku mpendadzuwa. Yapatula K60 miliyoni yotukulira ntchito chaka chino. Mayi woyang'anira za malonda akufuna lole ya K55 miliyoni kuti katundu azifika kumaboma akutali. Bambo woyang'anira fakitale akufuna K35 miliyoni yokonzera makina oyengera omwe akumafa pafupipafupi. Onse ndi akale pantchito, ndipo aliyense ali ndi anthu ake omwe amamumvera.

Choyamba, mkulu wa kampani akumane ndi aliyense payekha asanawakhazike pamodzi. Asafunse kuti walakwa ndani. Afunse chomwe aliyense akuopa kuti chichitika ganizo lake likapanda kutsatidwa, ndi umboni womwe ali nawo. Mwina mayiwo anena kuti eni mashopu akumadandaula kuti mafuta amafika mochedwa ndipo ayamba kuoda kwina. Bambowo anena kuti tsiku lina makinawo adzafa osadzukanso. Apa zaoneka kale kuti lole ndi makina ndi njira chabe. Onse akuopa kutaya makasitomala.

Chachiwiri, mkuluyo anene poyera muyeso umodzi woyezera maganizo onse awiri. Imeneyi ndi ntchito yake, sangaisiyire okanganawo. Atha kunena kuti chaka chino chofunika ndi kuchuluka kwa malita ofika kwa ogula pa nthawi yake. Kenako awiriwo apatsidwe sabata imodzi kuti alembe limodzi tsamba limodzi lokhala ndi manambala omwe onse akuvomereza. Akalemba aliyense lake, amabwera ndi manambala osiyana, ndipo msonkhano umathera pa kutsutsana kuti oona ndi ati.

Tinene kuti tsambalo laonetsa izi: makina amayenga malita 2,000 patsiku. Pa masiku 25 ogwira ntchito pamwezi, bwenzi akutulutsa malita 50,000, koma amaima masiku asanu, motero amatulutsa 40,000 okha. Maoda omwe alipo kale ndi a malita 45,000. Ndiye kuti mafuta amachedwa chifukwa kulibe, osati chifukwa chosowa galimoto, ndipo lole yatsopano ingamayende yosadzaza. Makina akakonzedwa, maoda onse akwaniritsidwa n'kutsala malita 5,000 oti n'kuyesera misika yatsopano ija.

Apa mtsogoleri wofuna kusangalatsa onse amalakwitsa pogawa ndalamazo pakati. K30 miliyoni siigula lole, siikonzanso makina. Mayi Mary Parker Follett, katswiri wa ku America pa za kayendetsedwe ka ntchito, anafotokoza mu 1925 kuti mkangano umatha m'njira zitatu: wina kugonjetsa mnzake, onse kulolerana aliyense n'kutayapo kanthu, kapena kupeza njira yatsopano yokwaniritsa zofuna zenizeni za onse. Iwo ankaona kuti kulolerana kumangoimitsa mkangano kwa kanthawi, chifukwa aliyense amachoka asanakhutire. M'chitsanzo chathu njira yachitatu ilipo: K35 miliyoni ikonzere makina, ndipo pa K25 miliyoni yotsalayo atapepo yochitira hayala lole kwa miyezi itatu, kuti aone ngati misika yakutaliyo ikuguladi.

Si nthawi zonse njira yotere imapezeka. Pena ganizo limodzi liyenera kugwa basi. Apa m'pofunika mafunso omwe a Andrew Grove a kampani ya Intel analemba m'buku lawo la za utsogoleri la mu 1983: chigamulo chofunika n'chiti, chiperekedwe liti, apereke ndani, afunsidwe ndani chisanaperekedwe, angachivomereze kapena kuchikana ndani, ndipo adziwitsidwe ndani. Mayankho ake anenedwe zokambirana zisanayambe. Munthu amavomera kugonja mosavuta akadziwiratu yemwe agamule ndi tsiku lake, kusiyana n'kungomva kwa dalaivala kuti nkhani inatha kale.

Yemwe ganizo lake lagwa auzidwe payekha msonkhano wa onse usanachitike, pamodzi ndi zifukwa zake. Auzidwenso tsiku lomwe nkhaniyo idzaunikidwenso ndi chomwe chingasinthe chigamulocho. Mwachitsanzo, lole yahayala ikamabwera yopanda katundu wotsala kwa miyezi itatu yonseyo, kugula lole kudzakhala koyamba chaka chamawa. Pamaso pa antchito, awiriwo alengeze chigamulocho limodzi, kuti amene ali pansi pawo asamalandire malangizo awiri otsutsana.

Njira yonseyi imagwira ntchito pokhapokha mkangano ukadali wa ntchito. Pali zizindikiro zoonetsa kuti wasanduka udani: mmodzi akakana ganizo lomwe iye mwini analivomereza mwezi watha chifukwa choti tsopano lanenedwa ndi mnzakeyo, akayamba kulankhulana kudzera mwa antchito aang'ono, kapena akasiya kunena za makina ndi lole n'kumanena za khalidwe la mnzake. Zikafika apa manambala sathandizanso. Mtsogoleri ayenera kutchula zomwe waona, tsiku ndi malo ake, n'kunena khalidwe lomwe silivomerezeka. Ngati mmodzi apitiriza kufooketsa chigamulo mobisa atachenjezedwa, nkhaniyo yasanduka ya mwambo wa pantchito, ndipo iyende motsatira malamulo a kampani, munthuyo atapatsidwa mpata wodziyankhira.

N'chifukwa chake nthawi yolowererapo ndi pamene nkhani imodzi yabwera pa misonkhano iwiri yotsatizana osathetsedwa. Pamenepo funso likadali la lole ndi makina, ndipo mtsogoleri angathe kuliyankha popanda kutaya aliyense mwa awiriwo.