Soundex: Njira Yofufuzira Mayina Yomwe Imamva Chingerezi Chokha

Kalaliki wa pachipatala akalemba dzina la wodwala pa kompyuta n'kupeza kuti mulibe, kawirikawiri munthuyo amakhala alimo ndithu, kungoti tsiku loyamba dzina lake analilemba mwina. Wina analemba Nyirenda, lero wina walemba Nyilenda. Zotsatira zake munthu mmodzi amakhala ndi mafayilo awiri, ndipo mbiri ya mankhwala omwe analandira kale imatsalira mu fayilo yomwe dokotala sakuiona.

Vutoli ndi lakale kuposa makompyuta. M'chaka cha 1918, Robert Russell wa ku Amereka analembetsa kuboma njira yosonkhanitsira pamodzi mayina omveka mofanana ngakhale alembedwe mosiyana. Njirayi ndiyo imatchedwa Soundex. M'zaka za m'ma 1930 boma la Amereka linaigwiritsa ntchito posanja makhadi a mayina ochokera m'kalembera wa zaka monga 1880, 1900 ndi 1920. Mpaka lero mapulogalamu osungira kaundula monga MySQL, Oracle ndi SQL Server ali ndi lamulo lotchedwa SOUNDEX(), ndipo wopanga pulogalamu amene ali pachangu amangolitenga chifukwa lilipo kale.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Chilembo choyamba cha dzina chimasiyidwa momwe chilili. Mavawelo onse pamodzi ndi h, w ndi y amatayidwa. Makonsonanti otsalawo amapatsidwa manambala motere:

```
1  B F P V
2  C G J K Q S X Z
3  D T
4  L
5  M N
6  R
```

Zilembo ziwiri zogundizana za nambala imodzi zimawerengedwa kamodzi. Pamapeto pake pamatsala chilembo chimodzi ndi manambala atatu. Akachuluka, otsatirawo amadulidwa, ndipo akaperewera amadzazidwa ndi ziro. Motero Smith ndi Smyth onse amakhala S530, Robert ndi Rupert amakhala R163. Pa mayina a Chingerezi ngati amenewa njirayi imagwira bwino ndithu, pakuti inapangidwira iwowo.

Tsono tiyeni titenge Nyirenda. N ikhala. Y ndi i zitayidwa. R ndi 6, e itayidwa, n ndi 5, d ndi 3, a itayidwa. Tapeza N653. Tikatenga Nyilenda zonse zikhala chimodzimodzi kupatula l, yomwe ndi 4, ndipo tipeza N453. Kompyuta iona anthu awiri osiyana.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwa Mngerezi, l ndi r ndi maliwu awiri otalikirana, ndipo akawasinthanitsa mawu amasintha tanthauzo, n'chifukwa chake anapatsidwa manambala osiyana. M'Chichewa si choncho. Ambiri tinaphunzira kusukulu kuti r imalembedwa pambuyo pa i ndi e, pomwe l imalembedwa pena ponse, koma limeneli ndi lamulo la kalembedwe chabe. Pakamwa ndi liwu limodzi, ndipo agogo akamatchula dzina lawo pawindo, kalaliki amalemba chomwe dzanja lake lazolowera. Phiri ndi P600 koma Phili ndi P400. Chirwa ndi C600 koma Chilwa ndi C400. Kusiyana komwe kumachitika tsiku ndi tsiku m'makaundula athu ndi komwe Soundex siingathe kukuona.

Chilembo choyamba nacho n'chovuta, chifukwa Soundex imachikhulupirira kotheratu. Mayina athu ambiri amayamba ndi m kapena n wotsatana ndi konsonanti ina, ndipo mlendo amene khutu lake silinazolowere amasiya chilembocho kapena kuchisintha. Nkhoma ndi N250, Mkhoma ndi M250, Khoma ndi K500. Izi zimawagwera kwambiri abale athu ali ku Joni ndi ku Mangalande, komwe wolemba dzina sanamvepo Chichewa. Ngakhale nyanja ya Chilwa, David Livingstone atafikako mu 1859 anailemba Shirwa, ndipo pa Soundex mayina awiriwa, C400 ndi S600, sagwirizana ngakhale pang'ono. Mayina a Chiarabu akalembedwa m'zilembo zathuzi amakumana ndi zomwezo. Dzina la mtsogoleri wakale wa Libya limalembedwa Gaddafi, Qaddafi kapena Kaddafi, ndipo limatuluka G310, Q310 ndi K310.

Kumeneko n'kulekanitsa zofanana. Palinso kuphatikiza zosiyana, komwe ine ndimakuopa kwambiri, pakuti pachipatala kungachititse kuti wodwala atsegulidwire fayilo ya munthu wina. Mawu a Chichewa amadalira mavawelo kwambiri, ndiye ukawachotsa patsala zochepa. Moyo ndi Mwawi onse ndi M000. Banda, Bande, Bondo, ngakhalenso Bennett, onse ndi B530. Gulu la nambala 2 lili ndi zilembo zisanu ndi zitatu, kotero Nkhoma ndi Ng'oma amagwera mu N250 limodzi. Mayina aataliatali amadulidwa msanga, moti Chikaonda ndi Chikondano onse ndi C253. Anthu a ku China ndiye zimawavuta koposa, chifukwa mayina awo ndi aafupi: Li, Liu, Lu ndi Luo, omwe ndi mabanja osiyana, onse amakhala L000.

Si paliponse pomwe imalephera. Mulanje ndi Mlanje onse ndi M452, ndipo Tembo ndi Thembo onse ndi T510.

Ena mwa odandaula kwambiri anali anthu ofufuza makolo awo a Chiyuda ochokera kummawa kwa Ulaya. M'zinenero za kumeneko w amamveka ngati v, koma Soundex imataya w n'kusunga v, motero Moskowitz ndi M232 pomwe Moskovitz ndi M213. Mu 1985 Gary Mokotoff anakonza njira ina, Randy Daitch n'kuiwongolera, ndipo imadziwika ndi mayina a awiriwa. Iyo imapereka manambala asanu ndi limodzi, chilembo choyamba nacho imachisandutsa nambala, ndipo dzina limodzi likhoza kukhala ndi makhodi angapo ngati pali katchulidwe kangapo. Ajeremani anali atapanga kale yawoyawo, Kölner Phonetik, mu 1969. Lawrence Philips anatulutsa Metaphone mu 1990 ndi Double Metaphone mu 2000. Koma Metaphone nayo imasiyanitsa l ndi r, kotero kungosinthira kwa iyo sikuthetsa vuto la a Nyirenda.

Amene akuyang'anira kaundula angadziwe yekha ngati njira yake ikulephera. Atenge mayina omwe akudziwa kale kuti ndi a munthu mmodzi koma analembedwa pawiri, awerenge kuti ndi angati omwe atuluka ndi khodi imodzi. Kenaka asanje kaundula yense potsata makhodi, ayang'ane khodi yomwe yasonkhanitsa anthu ambiri, aone ngati mayina ali mmenemo akufananadi kukhutu la Mmalawi.

Kukonza kwake kumayambira pa dzina lisanalowe mu Soundex. Pulogalamu isandutse r aliyense kukhala l. Dzina loyamba ndi m kapena n wotsatana ndi konsonanti lisungidwe ndi makhodi awiri, ina yokhala ndi chilembocho, ina yopanda, chifukwa a Nkhoma ndi a Khoma akhoza kukhala munthu mmodzi, akhozanso kukhala mabanja awiri. Pambali pa izi pali njira ya Levenshtein, yomwe imawerenga kuti pafunika kusintha zilembo zingati kuti dzina lina lisanduke linzake: Nyirenda ndi Nyilenda amasiyana ndi chilembo chimodzi, pomwe Moyo ndi Mwawi amasiyana ndi zinayi. Mndandanda womwe kompyuta yatulutsa utengedwe ngati wa anthu oyenera kuwayang'anitsitsa, ndipo kalaliki asanaphatikize mafayilo afananitse tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya chiphaso cha unzika, chomwe Amalawi anayamba kulembetsa mwaunyinji mu 2017.