Kuyeza liwiro la njinga ndi zikwangwani ziwiri za pamsewu

Akabaza amakonda kutsutsana kuti wathamanga kwambiri ndani, koma njinga zawo zilibe choyezera liwiro. Mkanganowu ungathe popanda GPS kapena bandulo ya intaneti. Chofunika ndi zikwangwani ziwiri za makilomita za m'mbali mwa msewu, komanso foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, bola ikhale ndi wotchi yowerenga masekondi ija imalembedwa kuti Stopwatch.

Sankhani zikwangwani zotalikirana kilomita imodzi, ndipo muwerenge manambala ake musanayambe. Zina zidagwa kapena kubisika m'udzu, choncho chomwe mukuchiyesa chotsatira chikhoza kukhala pa makilomita awiri. Mapolo a magetsi musawadalire, satalikirana mofanana.

Foni agwire amene wakwera kumbuyo, wopalasa maso akhale pamsewu. Muyambire chapatali kuti pofika pa chikwangwani choyamba njinga ikhale itagwira kale liwiro, chifukwa mukayambira pomwepo nthawi yodzutsa njinga idzalowa m'chiwerengero. Tayala lakutsogolo likangolingana ndi chikwangwani, adine Start, ndipo pa chachiwiri aimitse wotchi tayala lomwelo likafika.

Masamu ake ndi ochepa. Ola limodzi lili ndi masekondi 3,600, ndiye gawani 3,600 ndi masekondi omwe mwatenga pa kilomitayo. Tinene kuti wotchi yaonetsa 3:20. Amenewa ndi mphindi zitatu ndi masekondi 20, kapena kuti masekondi 200, ndipo 3,600 kugawa ndi 200 ndi makilomita 18 pa ola. Yankho likatuluka 9 pomwe munali kupalasa mwamphamvu, dziwani kuti chikwangwani china mwachidumpha.

Bwanji osangoyeza mamita 100 n'kuthana nazo? Vuto ndi chala. Munthu amachedwa kapena kufulumira pang'ono podina. Pa liwiro lomwelija mamita 100 amatha m'masekondi 20, kotero kuphonya ndi theka la sekondi kumasintha yankho ndi pafupifupi theka la kilomita pa ola. Pa kilomita yathunthu, kuphonya komweko sikuoneka n'komwe.

Pomwe anthu amanamizana kwambiri ndi pa chitsetse ndi mphepo. Msewu wooneka wathyathyathya nthawi zambiri umakhala wopendekera pang'ono, n'chifukwa chake muyenera kuyeza popita ndi pobwerera. Mwina popita mwatenga masekondi 180, omwe ndi makilomita 20 pa ola, pobwerera 240, omwe ndi 15. Ambiri apa amathamangira kunena kuti pakati pake ndi 17.5, koma ayi. Pobwerera paja mwakhalitsa panjira, ndiye phatikizani nthawi, osati liwiro. Makilomita awiri atha m'masekondi 420, ndipo 7,200 kugawa ndi 420 ndi 17.1.

Nambala imeneyi ndi liwiro la ulendo wonse pakati pa zikwangwanizo, osati la pamene njinga inauluka kwambiri. Ngati mukupikisana, onse ayezedwe pa zikwangwani zomwezo, tsiku lomwelo, atanyamula munthu yemweyo.