Tsiku Lobweza Ngongole ya Zipangizo za Ulimi Lizigwa Mbewu Zitagulitsidwa

Alimi ambiri akamatenga ngongole ya feteleza ndi mbewu amayang'anitsitsa kuchuluka kwa ndalama ndi chiwongoladzanja, koma amaiwala kufunsa za tsiku lobweza. Komatu tsikulo likafika chimanga chili m'munda kapena chisanaume, ngakhale mlimi amene wakolola bwino amakakamizika kugulitsa motchipa, kugulitsa mbuzi, kapena kukatenga katapila kuti atseke ngongole yoyamba.

Njira yabwino yopezera tsiku loyenera ndiyo kuwerenga nthawi yonse kuyambira pobzala kufikira pamene ndalama zalowa m'manja. Chimanga chobzalidwa kumayambiriro kwa Disembala chimatenga miyezi inayi kapena isanu, malinga ndi mtundu wake, motero chimakololedwa kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Kukolola sikugulitsa ayi. Chimangacho chimayenera kuyanikidwa, kutonoledwa, kupetedwa ndi kuikidwa m'matumba, ndipo ntchito imeneyi imatha kudya mwezi wathunthu. Ogula akuluakulu monga ADMARC safuna chimanga chachinyezi chifukwa chimaola m'nkhokwe. Amene amagula chisanaumitsitse ndi mavenda, ndipo nthawi zambiri amagula pamtengo wotsika podziwa kuti mlimi wapanikizika. Choncho mlimi wa chimanga angayembekezere ndalama kuyambira kumapeto kwa Juni kupita mtsogolo.

Pofuna kuona kusiyana kwake, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mlimi wabwereka K300,000 pakati pa Novembala, ndipo chiwongoladzanja chake ndi K5 pa K100 iliyonse mwezi uliwonse, kutanthauza K15,000 pamwezi. Ngongoleyo ikakhala ya miyezi 6, ayenera kubweza K390,000 pakati pa Meyi, nthawi imene chimanga chimachuluka pamsika ndipo mitengo imatsika. Ngati thumba la makilogalamu 50 likugulidwa pa K30,000, mlimiyo agulitsa matumba 13.

Ngongole yomweyo ikakhala ya miyezi 9, ayenera kubweza K435,000 pakati pa Ogasiti. Ndalamazi zakwera ndi K45,000, koma ngati thumba lafika pa K40,000, matumba 11 okha akwanira, ndipo awiri atsala pakhomo. Pa phindu limeneli achotsepo mtengo wa mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe kapena wa matumba osalowa mpweya.

Kudikira kulinso ndi malire ake. M'chitsanzochi mlimi amapindula pokhapokha thumba likapitirira K33,500, chifukwa pamtengo umenewu ndi pamene matumba 13 aja amakwanira kubweza K435,000. Mtengo ukakhala pa K30,000 mpaka Ogasiti, monga zimachitikira chaka chimene anthu akolola zochuluka, adzagulitsa matumba 15. N'chifukwa chake mgwirizano wabwino ndi umene uli ndi tsiku lomaliza lakutali, koma wolola mlimi kubweza msanga popanda chindapusa, chiwongoladzanja n'kuima pa tsiku limene wabweza.

Tsiku lolandira ngongole nalonso liyenera kulingaliridwa. Kubwereka mu Ogasiti ndalama zodzagwiritsa ntchito mu Novembala ndi kulipira chiwongoladzanja cha miyezi itatu pachabe, ndipo tsiku lobweza limafulumira ndi miyezi itatu yomweyo. Kulandira feteleza mu Januwale nakonso n'kuchedwa, pakuti wokulitsa amathiridwa nthawi yobzala ndipo wobereketsa amathiridwa patangopita masabata atatu kapena anayi. Ngongole ikachedwa kutuluka, mlimi aonetsetse kuti miyezi yake ikuwerengedwa kuyambira tsiku limene walandira zipangizo, osati limene anasayina mapepala.

Ngongole zina zimafuna kubweza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kuyambira mwezi wotsatira. Zoterezi zimayenera munthu wageni amene amapeza ndalama tsiku ndi tsiku. Kwa mlimi wodalira mvula, magawo oyamba amagwa mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene chakudya chimasowa m'makomo ambiri. Mlimi wotere amafunika ngongole yokhala ndi nthawi yopumira kufikira atakolola, ndipo afunse ngati chiwongoladzanja chimawerengedwabe m'miyezi yopumirayo, chifukwa kawirikawiri chimatero.

Amene walimanso soya ali ndi pothawira, chifukwa soya amakhwima msanga ndipo angagulitsidwe chimanga chikuuma. Mlimiyo angapemphe kubweza m'magawo awiri, loyamba ndi ndalama za soya ndipo lachiwiri ndi za chimanga. Kwa amene akugulitsa kudzera ku kalabu kapena kopaletivi, tsiku lofunika ndi limene wogula adzalipire, popeza malipiro amatha kubwera patapita masabata angapo katundu ataperekedwa.

Anthu a m'mawodi onse akulangizidwa kuti asanasayine aonetse mgwirizano wa ngongole kwa alangizi a zaulimi a m'dera lawo, kuti awathandize kuyerekeza tsiku lobweza ndi nthawi imene mbewu yawo idzagulitsidwe. Tsiku limene agwirizana lilembedwe papepalapo, pakuti lonjezo lapakamwa silithandiza okongoza akabwera kudzatolera ndalama.