Pempho la Wophunzira Woyamba: Chichewa Cholankhula Tsiku ndi Tsiku

M'boma la Mzimba chiyankhulo cha pakhomo ndi Chitumbuka, ngakhale pakati pa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Chichewa chidalowa m'masukulu a kumeneko potsatira chigamulo cha chaka cha 1968 chimene chidachisandutsa chiyankhulo cha dziko lonse. Kuyambira pamenepo ana ambiri a ku Embangweni, ku Edingeni ndi pa boma la Mzimba akhala akuyamba kuchidziwa Chichewa kudzera m'buku, asanachimve pakamwa pa eni ake. N'chifukwa chake mphunzitsi wa kumeneko amalandira pempho lotere kawirikawiri: "Mundiphunzitse Chichewa chimene anthu amalankhula, osati cha m'buku." Pempholi si la ulesi. Wophunzirayo waona kuti ziganizo zimene adaloweza sizifanana ndi zimene akumva pamsika, ndipo n'koyenera kuti aphunzitsi ndi alembi adziwe pamene pagona kusiyanako.

Chitsanzo chabwino ndi cha mtsikana wa kumwera kwa bomali amene wayamba kugulitsa tomato pa Jenda, pamsewu waukulu wochokera ku Kasungu. Ogula ambiri amene amatsika m'mabasi ndi m'malole ndi olankhula Chichewa. Buku lidamukonzekeretsa kumva funso lathunthu lakuti, "Kodi matimati awa mukugulitsa ndalama zingati?" Koma wogula akafika amangoti, "Tomatoyu bwanji?" Mtsikanayo adaphunzira mawu akuti "bwanji" m'malonje okha, monga mu "Muli bwanji?", choncho akhoza kuyankha kuti tomatoyo ndi wabwino, pamene wogula akufunsa mtengo. Akatchula mtengo, wogula amati, "Tsitsaniko," kenaka, "Chenji muli nacho?" Pa mawu onsewa palibe lovuta. Vuto ndi lakuti sadamuphunzitse kuti olankhula amasiya mawu onse amene womvera angathe kuwadziwa poona zimene zikuchitika.

Kusiyana koyamba, tsono, ndi kufupikitsa. Polankhula, "ndi chiyani" amasanduka "n'chiyani", "nyumba iyi" imakhala "nyumbayi", "mwana wanga" amakhala "mwananga", ndipo "kodi" amasiyidwa chifukwa kakwezedwe ka liwu kamasonyeza kale kuti ndi funso. Zimenezi si Chichewa chothyoka. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa lidatulutsa m'chaka cha 1990 amalola kufupikitsa kotere, ndipo mlembi akhoza kulemba "n'chiyani" m'buku la oyamba popanda kulakwira lamulo. Njira yabwino ndiyo kuika mawu athunthu ndi ofupikitsidwa pamodzi kamodzi kokha, kenaka n'kupitiriza ndi ofupikitsidwawo, popeza ndiwo amene wophunzira adzawamve.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa mawerengo. Buku limaphunzitsa "zisanu ndi ziwiri" ndi "makumi atatu", ndipo mawuwa ali ndi malo ake m'zolembedwa. Koma pa ndalama ndi pa nthawi anthu amagwiritsa ntchito mawu obwereka: "seveni koloko", "faifi handiredi", "wani sauzande". Wogulitsa amene anganene kuti mulu wa tomato ndi "makwacha mazana asanu" adzamveka ndithu, koma ogula adzamuyang'ana ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Pano wophunzira wa ku Mzimba ali ndi mwayi, chifukwa olankhula Chitumbuka nawonso amatchula ndalama ndi mawu obwereka omwewo. Mphunzitsi angomutsimikizira kuti zimene amadziwa kalezo zikugwira ntchito.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kupeputsidwa, ngakhale wophunzira apemphe Chichewa chapafupi chotani. Choyamba ndi kukana. M'Chitumbuka mawu okanira amabwera pambuyo pa mneni, monga mu "nkhukhumba yayi" ndi "nkhumanya chara". M'Chichewa kukana kuli kumayambiriro kwa mneni: "sindikufuna", "sindikudziwa". Woyamba kumene amasamutsa dongosolo la kwawo n'kunena kuti "ndikufuna ayi". Pamsika waphokoso womvera amagwira "ndikufuna" yekhayo, ndipo malonda amene mtsikana uja amakana amaoneka ngati wawavomera. Mphunzitsi akamva "ayi" kumapeto kwa chiganizo chimene mneni wake alibe "si-", adziwe kuti wophunzirayo akuganizabe m'Chitumbuka. Mankhwala ake ndi kubwereza aneni ochepa a tsiku ndi tsiku awiriawiri: "ndikufuna, sindikufuna", "ndamva, sindinamve", "ndibwera, sindibwera".

Chachiwiri ndi ulemu. Ena akamva zakuti Chichewa cha tsiku ndi tsiku amathamangira ku malonje a achinyamata, monga "Zikuyenda?" ndi "Shapu". Amenewa ndi a anthu a msinkhu umodzi, ndipo wowanena kwa mayi wachikulire amaoneka wamwano, ngakhale sadafune kutero. Mwana wa ku Mzimba adaleredwa kale kusiyanitsa "iwe" ndi "imwe", ndiponso kuitana akulu kuti "adada" ndi "amama". Chofunika ndi kumupatsa mawu olingana nawo, amene ndi "inu", "abambo" ndi "amayi", pamodzi ndi kachidutswa kofewetsa pempho ka "-ko". "Ndipatseniko" ndi mawu afupi kwambiri, koma ali ndi ulemu wokwanira, pamene "ndipatse" ndi lamulo kwa mwana. Chichewa chapafupi ndi chimene chili ndi mawu ochepa, osati chimene chataya ulemu.

Kufanana kwa ziyankhulo ziwirizi kuli ndi msampha wakenso. Mneni "kukhumba" ndi wamba m'Chitumbuka, ndipo amatanthauza kufuna chinthu chilichonse. M'Chichewa mawuwa alipo, koma ndi olemera, onena za kulakalaka kwa mumtima. Wophunzira akawapeza m'buku la nthano amakondwa kuti wapeza mawu a kwawo, ndipo amafunsa wogula kuti, "Mukukhumba milu ingati?" Chiganizocho chilibe cholakwa pa malamulo, koma eni chiyankhulo amati, "Mukufuna milu ingati?" Mkonzi wa mabuku a m'dera la Chitumbuka achenjere ndi mawu otere, chifukwa wolemba ndi wophunzira onse sawakayikira.

Wopempha naye ali ndi mbali yake. Kungonena kuti "ndikufuna Chichewa chophweka" sikuthandiza wophunzitsa kusankha. Pempho logwira ntchito limatchula malo, munthu wolankhula naye, ndi chimene chikufunika: "Ndikufuna kufunsa mtengo wa basi ya ku Kasungu kwa kondakitala," kapena "Ndikufuna kuuza namwino kuti mwana akutsegula m'mimba." Wophunzirayo adziwenso ziganizo zitatu zoimitsira wolankhula: "Pepani, sindinamve," "Lankhulani pang'onopang'ono," ndi "Anthu amati bwanji?" Funso lomalizali ndilo lofunika koposa, chifukwa munthu akafunsidwa kuti "Chichewa chake n'chiyani?" amakonda kupereka mawu a m'buku pofuna kuonetsa luso, koma akafunsidwa mmene anthu amanenera amapereka mawu amene iye mwini amalankhula.

Chichewa cha m'buku sichitayidwa. Mwana wa ku Champhira adzachifuna polemba mayeso, kalata ndi chimangirizo. Nkhani ili pa ndondomeko chabe. Phunziro la oyamba liyambe ndi ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za malo amodzi, zolembedwa monga zimalankhulidwira, zokhala ndi "si-" ndi "inu" pamalo pake. Wolemba akamaliza aziwerenge mokweza pamaso pa munthu amene Chichewa adayamwira, ndipo chiganizo chilichonse chimene munthuyo anganene kuti "n'zoona, koma sitinena choncho" chisungidwire phunziro la kalembedwe.