Kanema wa maphunziro wafika, nanga amene sanapite agwira bwanji ntchito?

Maphunziro a ogwira ntchito akaitanidwa ku boma, pachipatala chaching'ono pamachoka munthu mmodzi kapena awiri, ena onse n'kutsala akuthandiza odwala. Masiku ano wopitayo amabwerako ndi kanema wojambulidwa pa foni, wa maola awiri kapena atatu, n'kuwatumizira anzake. Koma mlangizi wa zaumoyo amene ali ndi mzere wa amayi ndi ana pakhomo alibe nthawi yoonera kanema wotere, ndipo ngakhale ataonera, sangamufufuze ali ndi magolovesi m'manja. Iye akufuna pepala limodzi lomata pakhoma, lomuuza choyamba, chotsatira ndi chomaliza.

Titenge maphunziro a kayezedwe ka malungo ndi kachipangizo kotulutsa zotsatira msanga, kamene zipatala za m'Malawi zinayamba kugwiritsa ntchito mu 2011. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa, koma mphunzitsi akhoza kuikamba m'mawa wonse, ndipo saikamba motsatira manja. Amayamba ndi chifukwa chake sitipereka LA kwa aliyense wotentha thupi, kenaka aonetsa mayezedwe, kenaka akumbukira kuti sananene za tsiku lotha ntchito lolembedwa pa paketi, nabwerera. Wolemba amene atsatira kanemayo mmene akuyendera adzaika tsiku lotha ntchito kumapeto kwa pepala, pamene mwana wabayidwa kale chala. Ntchito yaikulu ya wolemba ndi kuphwasula dongosolo la mawu n'kumanga dongosolo la manja.

Choncho ulendo woyamba onerani kanema yense osalemba ziganizo. Lembani nthawi yokha ndi mawu awiri atatu: pa mphindi 25 aonetsa kubaya chala, pa mphindi 40 kuwerenga mizere, pa ola limodzi ndi mphindi 50 mafunso. Kulemba mawu onse a mphunzitsi kumadya maola ambiri kuposa kutalika kwa kanemayo, ndipo zambiri mwa izo ndi malonje, mapemphero, nkhani ya ndalama zoyendera ndi nthabwala zochotsa tulo. Ulendo wachiwiri bwererani pa malo okhawo amene mwaika chizindikiro.

Musadumphe nthawi ya mafunso, ngakhale mawu atamveka patali. Kawirikawiri ndi pamene choona chenicheni chimatulukira. Tinene kuti m'mawa mphunzitsi anati madontho a timadzi ta m'kabotolo akhale anayi, ndipo zotsatira ziwerengedwe pakatha mphindi 15. Masana wina akuimika dzanja kunena kuti bokosi la kwawo likunena zosiyana. Mphunzitsi akuvomera kuti zipangizozi zimapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo chiwerengero cha madontho ndi nthawi yodikira zimasiyana. Amene anaonera gawo la m'mawa lokha adzalemba "madontho anayi" ngati lamulo la zipangizo zonse. Pepala labwino limatchula pamwamba dzina la mtundu wa chipangizo chimene likunena, ndipo manambala ake amayerekezedwa ndi kapepala ka m'bokosi lomwe lili pachipatalapo. Kanema ndi kapepalako zikasemphana, musasankhe nokha. Imbirani mphunzitsiyo.

Palinso vuto lina limene limabisala kwa amene analipo. Mphunzitsi akamaonetsa, amalankhula ndi manja: "mutenge magazi ochuluka chonchi, muwaike apa, timadziti mudonthezere apo." Amene anaona akumvetsa. Papepala, "apa" ndi "chonchi" sizinena kanthu. Imitsani kanema, muyang'anitsitse, mulembe chimene maso aona: magazi afike pati pa kotengerako, alowe m'bowo liti, timadzi tilowe m'bowo liti, kabotolo kagwiridwe choimirira kuti madontho atuluke ofanana. Ngati chithunzi sichikuoneka bwino chifukwa wojambula anakhala kumbuyo, tengani chipangizo chenicheni muchijambule nokha, kapena mujambule ndi cholembera n'kuika mivi. Pa gawo lowerenga zotsatira, zithunzi zitatu zimaposa ndime yonse: mzere pa C pokha, malungo sanapezeke, mizere pa C ndi pa T, malungo alipo, pa C popanda mzere, kuyezako kwalephereka, ayambirenso ndi chipangizo china.

Tsopano kalembedwe. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala ndi ntchito imodzi, ndipo uyambe ndi chimene munthu achite. Mphunzitsi mwina anati: "Ndiye pamenepa anzanga, ambiri timafulumira, tikangopukuta basi tabaya, chonsecho sipiriti uja sanaume." Papepala zikhala mizere inayi: pukutani chala choyandikana ndi chaching'ono ndi thonje la sipiriti, dikirani chiume chokha, bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, ndipo tayani kobayirako m'bokosi la zobaya nthawi yomweyo. Chenjezo liikidwe patsogolo pa ntchito imene likukhudza, chifukwa munthu wotsatira pepala amachita kaye, n'kuwerenga mzere wotsatira pambuyo pake. Ngati mawu oti magazi asachuluke ali pansi pa mzere wothira magazi, adzawawerenga windo la chipangizo litafiira kale, mizere yosaoneka.

Zifukwa musazichotse zonse. Apa ndi pamene ambiri ofupikitsa amapitirira muyeso. Lamulo lopanda chifukwa limasiyidwa tsiku limene odwala achuluka. Koma chifukwa chikhale chachifupi, ndipo chiikidwe pokhapo pamene anthu amakonda kudumpha. "Lembani pa chipangizo dzina la wodwala ndi nthawi imene mwadonthezera timadzi, chifukwa zotsatira zowerengedwa nthawi isanakwane kapena itapitirira zimanamiza." Chimodzimodzi mawu oti mzere wa pa T, ngakhale uoneke mozimiririka, ndi malungo ndithu. Nkhani za odwala zimene ophunzira anasimba, mayina awo ndi madandaulo okhudza mabwana awo, zimenezo zitsale mu kanema. Anthuwo amalankhula m'chipinda, sanavomere kuti ziyende pamakoma a zipatala.

Pepala likatha, amene analilemba sangaliyese, chifukwa mutu wake umadzaza wokha mipata imene yatsala. Mphunzitsinso amaona ngati mfundo zili zoona, koma saona ngati zili zomveka. Lipatseni munthu amene sanapite ku maphunzirowo, mumuikire bokosi patebulo, achite motsatira pepalalo popanda wodwala, inu muli chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, koma mukangomuthandiza ndi pakamwa mwabisa cholakwa cha pepala. Akaima n'kutembenuza pepala, pali chimene chasowa. Akatsegula paketi ya chipangizo asanakonze zina zonse, mizere yanu sinayende bwino. Akafunsa kuti "bowo liti?", chithunzi chikufunika pamenepo. Konzani, muyesenso ndi munthu wina, kenaka mphunzitsi kapena mkulu wa pachipatala aliwerenge komaliza.

Pansi pake lembani tsiku la maphunziro, tsiku lolembera pepala, ndi udindo wa munthu wofunsidwa pakavuta. Zithunzi zikhale zooneka ngakhale pepala litachita fotokope yakuda ndi yoyera. Mtundu wa zipangizo ukasintha, pepala lakale lichotsedwe pakhoma tsiku lomwelo.

Pepala lili ndi malire ake. Limakumbutsa dongosolo ndi manambala, koma silingaphunzitse dzanja kubaya chala cha mwana amene akulira ndi kuphiriphitha. Inu akuluakulu a zipatala, musalole munthu kuyeza wodwala chifukwa choti wawerenga pepala. Ayambe wayeza pamaso pa mnzake amene anaphunzitsidwa.