Kuyesa Mgwirizano wa Mapulogalamu Otumizirana Mauthenga

Pulogalamu yaikulu ikagawidwa m'timapulogalamu todziimira patokha, vuto limabuka pamene timapulogalamuto tikulankhulana. Mwachitsanzo, pulogalamu yolipiritsa imafunsa ina yosunga maoda, ndipo imayembekezera yankho lokhala ndi dzina loti `total`. Eni ake a pulogalamu ya maoda akasintha dzinalo kukhala `amount`, kulipira kumaima, chonsecho mbali iliyonse payokha ikuoneka yabwinobwino.

Kuyesa mgwirizano kumagwira cholakwa chotere msanga. Ndi chida ngati Pact, wofunsa amayesedwa ndi woyankha wongoyerekezera, ndipo mafunso ndi mayankho oyembekezeredwa amalembedwa m'fayilo. Kenako mafunso omwewo amatumizidwa kwa woyankha weniweni. Yankho likasowa `total`, mayeso amalephera pomwepo, zosinthazo zisanafike kwa makasitomala.

Njirayi imaposa kuyatsa mapulogalamu onse pamodzi makamaka akachuluka, gulu lililonse likutulutsa zosintha pa nthawi yake. Mayeso a onse pamodzi amachedwa, ndipo akalephera wolakwa sadziwika msanga, mwina ndi netiweki chabe. Komabe mgwirizano suona ngati ndalama zawerengedwa molondola kuchokera pa oda mpaka pa lisiti. Pamenepo mayeso ochepa a dongosolo lonse amafunikabe.