Mwadziwana Dzana, Lero Akupempha Mayunitsi: Muyankhe Bwanji?

Kale munthu akafuna banja ankadutsa kwa ankhoswe, ndipo asanafike pakhomo, amalume amakhala atafufuza kale kuti mnyamatayo ndi wa kwa yani komanso kwawoko amakhala bwanji ndi anthu. Lero ambiri akukumana pa Facebook, m'magulu a WhatsApp kapena pa mapulogalamu opezera chibwenzi. Si achinyamata okha ayi. Amayi ndi abambo amasiye, ndi ena amene banja linatha, nawonso alimo. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chovuta n'choti pa foni ankhoswe kulibe, ndiye ntchito yonse yofufuza imagwera inu nokha, pa nthawi imene mtima wayamba kale kukoma.

Mayeso oyamba amabwera msanga, nthawi zambiri sabata isanathe. Amabwera mwaulemu: "Bandulo yanga ikutha, mungandithandizeko kuti tipitirize kucheza?"

Pempho laling'ono lili ndi ntchito yake

Tiyerekeze mayi wina wa zaka 46, mphunzitsi wa kupulayimale, amene amuna ake anamwalira zaka zinayi zapitazo. Lolemba walandira uthenga kwa bambo wooneka bwino pa chithunzi, amene akuti amagwira ntchito ya zomangamanga ku Joni koma kwawo ndi ku Ntcheu. Bamboyu amalemba m'mawa uliwonse, amafunsa za ana, ndipo amakumbukira ngakhale zoti mayiyu bondo limamuvuta. Lachisanu dzuwa likulowa akutumiza mafuno a Sabata labwino. Lamlungu akupempha K3,000 ya bandulo, ati malipiro achedwa.

Mayiyu angaganize kuti K3,000 si ndalama yoti n'kukanirana ndi munthu. Kumeneko n'kumene nzeru ya pempholi yagona. Ngati wopemphayo ndi wakuba, cholinga chake si K3,000 imeneyo. Akufuna adziwe ngati mayiyu ali ndi ndalama mu foni, ngati amatumiza msanga, komanso ngati amayamba wafunsa munthu wina asanatumize. Anthu oterewa amacheza ndi anthu ambiri pa nthawi imodzi, ndipo kapempho kakang'ono kamawathandiza kusankha woti ataye naye nthawi. Amene wakana amamusiya. Amene watumiza ndiye amamukakamira.

Palinso china chimene chimachitika mumtima mwa wopereka. Munthu akapereka kamodzi, kukana kachiwiri kumavuta, chifukwa kukana kuli ngati kuvomereza kuti poyamba paja anapusitsidwa. Choncho K3,000 ija imatsatiridwa ndi K40,000 ya thiransipoti, ati akubwera kudzaonekera kwa abale. Tsiku la ulendo foni imazima. Mawa lake pamabwera uthenga woti wagwidwa pa chipata cha Mwanza chifukwa cha mapepala, kapena mwana wake wagonekedwa m'chipatala, ndipo pakufunika K250,000 lero lomwe. Pofika apa mayi uja sakutumizanso chifukwa cha chikondi chokha. Akutumiza kuti apulumutse zimene anatumiza kale, ndipo mwina wayamba kubwereka ku banki m'khonde.

Nkhani zimene akuba amagwiritsa ntchito zimafanana kulikonse. Ku America, bungwe la boma la Federal Trade Commission linanena kuti mu 2022 anthu pafupifupi 70,000 anadandaula kuti anaberedwa kudzera m'chibwenzi cha pa intaneti, ndipo ndalama zonse zinafika madola 1.3 biliyoni. Bodza limene linatchulidwa kwambiri linali loti iye kapena m'bale wake akudwala, wavulala kapena ali m'ndende. Ndi nyimbo yomweyo imene timaimva kuno, angosintha mayina a malo.

Mawu oyankhira

Yankho labwino ndi lalifupi, laulemu, ndipo silipereka zifukwa. Mayi uja akanatha kulemba kuti: "Pepani ndi vutolo, bambo. Ine sinditumiza ndalama kapena mayunitsi kwa munthu amene sitinaonane maso ndi maso. Mukapeza bandulo mundiuze, tidzaimbirane pa vidiyo."

Taonani kuti sananene kuti "ndilibe" kapena "sindinalandire". Ambiri timathawira kumeneko chifukwa tinaleredwa kuti kukana poyera ndi mwano. Koma "ndilibe" ndi lonjezo lobisika. Wopemphayo amangofunsa kuti, "Nanga mulandira liti?" ndipo pa mapeto a mwezi amakhala ali pakhomo, atadziwanso tsiku limene malipiro anu amalowa. Mukanena kuti ndi lamulo lanu, palibe choti adikire. Komanso mwanena zoona, simunadzipanikize ndi bodza loti muzilikumbukira.

Musachepetse ndalamayo kuti mumusangalatse. Kutumiza K1,000 m'malo mwa K3,000 n'kuvomera ndithu, kungoti mwakambirana mtengo. Musayambenso kumunena kuti ndi wakuba. Mwina si wakuba, ndipo ngati alidi wakuba, mkangano umangomupatsa mpata wolira kuti mwamulakwira, mpaka inu n'kukhala wopepesa.

Mukakana, khalani chete muone. Zimene munthu amachita atakanidwa zimanena zambiri kuposa zonse zimene analemba asanapemphe. Munthu wabwino amene anangopanikizika amachita manyazi pang'ono, n'kunena kuti wamva, ndipo mawa amapitiriza kucheza osabwerezanso nkhaniyo. Mayunitsi amawapeza, monga ankawapezera musanadziwane. Winayo ndiye amasintha nkhope. Ena amakwiya: "Ndiye kuti simundikhulupirira?" Ena amangozimirira. Ochenjera kwambiri amavomera mokoma, n'kudikira masabata awiri, kenako n'kubwera ndi vuto lalikulu lomvetsa chisoni. Yankho lanu likhale lomwe lija, mawu ake omwewo.

Kwa ife a mpingo pali msampha wina woti tiutchule. Munthu amene wayang'ana zithunzi zanu pa Facebook waona kale yunifolomu ya Dorika kapena ya kwaya, ndipo amadziwa mawu oti alankhule. Adzakutchani mlongo, adzati akusala kudya chifukwa cha inu, ndipo mukakana adzakukumbutsani kuti Mkhristu amathandiza osowa. Kudziwa nthawi imene Sabata limayamba si umboni wa chilichonse. Ngati akuti ndi wa mpingo wathu, mufunseni kumene amasonkhana, dzina la mkulu wa mpingo ndi la abusa a dera lawo, kenako mupemphe abusa anu afunse. Mayina athu amalembedwa m'mabuku a mpingo, ndipo abusa amadziwana. Woona amasangalala kuti mukufufuza. Ndipo ngati alidi pa vuto, ali ndi abale, anzake a kuntchito ndi mpingo wake. N'chifukwa chiyani onsewo wawadumpha n'kudzafika kwa munthu amene wamudziwa masiku asanu ndi limodzi?

Nanga ngati si wakuba?

Tinene chilungamo, si aliyense wopempha amene ali tsizinamtole. Zinthu zavuta, bandulo ndi yodula, ndipo pachikhalidwe chathu mwamuna wofunsira amayembekezeka kupereka kenakake, ndalama ya sopo kapena kamphatso. Mtsikana wina amapempha mayunitsi pofuna kuona ngati mnyamatayo ndi woumira. Abambo ambiri amagwera pamenepa, poopa kuoneka ngati alibe kanthu.

Komabe mphatso za mwambo zinkaperekedwa anthu akudziwana, abale akuona. Kupereka kwa munthu amene mwangomuona pa chithunzi n'kosiyana. Ngakhale wopemphayo akhale weniweni, chibwenzi choyamba ndi ndalama chimakhala ndi ngongole mkati. Wopereka amayamba kuona ngati ali ndi ufulu pa mnzake, wolandira amavutika kukana zimene sakufuna, ndipo onse awiri sadziwanso ngati akukondana kapena akugulana. Kunena kuti "tiyambe taonana" kumateteza onse. Ngati vuto ndi thiransipoti yoti mukumane, musatumize ndalama. Sankhani malo apoyera amene iye angafike mosavuta, masana, ndipo mupite ndi m'bale kapena mnzanu.

Kufufuza kosafuna ndalama

Kuimbirana pa vidiyo ndi chiyambi chabwino. Amene kamera yake imakhala yowonongeka tsiku lililonse, kapena netiweki imathawa nthawi yokhayo ya vidiyo, wakuyankhani kale. Koma musadalire vidiyo yokha, chifukwa munthu akhoza kuonetsa nkhope yake yeniyeni n'kumanama za china chilichonse, kuphatikizapo zoti ali pa banja. Chithunzi chake mukhoza kuchifufuza ndi Google Lens, kuti muone ngati chikupezeka kwina ndi dzina lina. Onaninso nambala imene akuti mutumizepo ndalama. Manambala a foni kuno amalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo pa Airtel Money kapena Mpamba dzina la mwini nambala limaoneka. Munthu amene akuti ali ku Joni koma akupereka nambala ya kuno ya dzina lachilendo, n'kumati ndi ya "msuweni" kapena "ejenti", akubisa chinachake.

Chenjeraninso ndi pempho lobwera chozondoka. Iye ndiye amati wakutumizirani mphatso kuchokera kunja, foni, nsapato ndi ndalama m'katoni, ndipo amatumiza chithunzi chake. Kenako wina amaimba kuti katunduyo wafika pa bwalo la ndege koma mulipire msonkho. Katoniyo kulibe. Msonkho wa boma salipirira pa nambala ya foni ya munthu. Chimodzimodzi PIN yanu, chithunzi cha chiphaso chanu, kapena manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa foni yanu: wopempha zimenezi akupempha ndalama ndithu, wangodzera khomo lakuseri.

Ngati munatumiza kale

Lekani pomwepo, ngakhale akulonjeza kubweza zonse mukangotumiza komaliza. Musafufute mauthenga. Jambulani macheza onse, sungani mauthenga a ndalama okhala ndi tsiku, nambala ndi nambala ya chiphaso cha malipiro, kenako imbirani kampani ya foni yanu mwamsanga, chifukwa ndalama zikangotapidwa kwa ejenti kuzibweza kumavuta. Kanenenso kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo umboni wa pa foni umathandiza ofufuza. Mukatero dinani Report ndi Block pa pulogalamu imene munakumanirapo.

Uzaniko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Ambiri oberedwa amabisa chifukwa cha manyazi, tulo n'kusowa, chakudya osalowa, ndipo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi limawakulira. Inu a pabanja, mayi kapena mchemwali wanu akaulula zotere, musamuseke kapena kumukalipira, chifukwa akatero amabwerera kwa yekhayo amene amamulankhula mokoma. Muthandizeni kusonkhanitsa umboni, ndipo mumuchenjeze kuti pakapita masiku pakhoza kubwera foni ina, ya munthu wodzitcha wapolisi kapena wa ku kampani ya foni, wonena kuti ndalama zija zapezeka koma pakufunika kandalama kotsegulira fayilo. Kawirikawiri amakhala gulu lomwe lija, likuyesa ngati mwatsala kanthu.